Mafunso ndi Mayankho: Kulemba Molondola Mawu a Macheza Aatali Ojambulidwa

Mayankho ali m'munsiwa ndi othandiza munthu amene wapatsidwa mawu ojambulidwa a ola limodzi kapena maola awiri kuti awalembe onse papepala, kaya ndi a kafukufuku, a mbiri yakale kapena a nyuzipepala. Kuti nkhani imveke, tiyerekeze kuti tili ndi macheza a mphindi 94 ojambulidwa pafoni, pakhonde, ndi bambo wachikulire amene anakagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi, mayi a kunyumba kwawo ali pomwepo ndipo akulowererapo nthawi ndi nthawi. Wofunsa timulemba W, bambowo B, ndipo mayiwo M.

Kodi ntchito yotereyi imatenga nthawi yaitali bwanji?

Ngati olankhula ndi awiri, mawu ajambulidwa bwino ndipo wolembayo amataipa mwachangu, ola limodzi la macheza limadya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Pakakhala anthu atatu kapena kuposerapo, phokoso lapanja ndi kulankhula mopikisana, maolawo amafika asanu ndi atatu ngakhale khumi. Macheza athu a mphindi 94 ndi ntchito ya maola pafupifupi 12, ndipo ndi bwino kuigawa masiku awiri kapena atatu, chifukwa khutu likatopa limayamba kudumpha timawu ting'onoting'ono, mwiniwake osazindikira. Musanalonjeze tsiku lomaliza kapena kugwirizana mtengo, mverani mphindi ziwiri koyambirira, ziwiri pakati ndi ziwiri chakumapeto, pakuti macheza ambiri amayamba momveka bwino n'kudzasokonekera pamene anthu amasuka ndipo aiwala za foni ija.

Ndichite chiyani ndisanayambe kulemba?

Choyamba pemphani fayilo yeniyeni imene inatuluka mu rekoda kapena mufoni. Mawu amene ajambulidwa kapena kutumizidwa ngati uthenga wa mawu pa WhatsApp amafinyidwa kuti achepe, ndipo chimene chimayamba kutayika ndi timaphokoso tapamwamba timene timasiyanitsa s ndi f. Ngati palibe njira ina yotumizira, auzeni atumize ngati `Document`, kuti fayilo ifike mmene ilili. Mukailandira, sungani imodzi padera imene simudzaikhudza, n'kumagwirira ntchito pa inzake.

Kenako mverani macheza onse kamodzi popanda kutaipa, muli ndi pepala ndi cholembera basi. Ambiri amadumpha gawo limeneli poganiza kuti ndi kutaya ola ndi theka, koma ine ndimaliona kuti ndi limene limapulumutsa nthawi yambiri. Pakumvera koyambako khutu limazolowera mawu a munthu aliyense, mumadziwa kumene nkhani ikulowera, ndipo mumalemba mndandanda wa mayina a malo, a anthu ndi mawu achilendo pamodzi ndi nthawi imene amvekera. Dzina limene silikumveka pa mphindi 12 kawirikawiri limadzatchulidwanso bwinobwino pa mphindi 70, ndipo amene sanamvere mpaka kumapeto amalimbana nalo pachabe.

Gwiritsani ntchito mahedifoni otseka makutu onse awiri, osati sipika ya laputopu. Mufunikanso pulogalamu yoimitsa ndi kubweza mawu manja asanachoke pa kiyibodi. Mu oTranscribe, batani la `Esc` limaimitsa ndi kuyambitsanso, `F1` limabweza m'mbuyo, `F3` limachepetsa liwiro, ndipo `Ctrl+J` imalemba nthawi imene mwafika. Express Scribe imagwira ntchito yomweyo ndipo imalola kulumikiza chopondera cha phazi.

Kodi ndilembe chilichonse, ngakhale "ee", chibwibwi ndi mawu obwerezabwereza?

Yankho lili ndi mwini ntchito, ndipo muyenera kumufunsa musanalembe mzere woyamba. Wofufuza za kalankhulidwe amafuna chilichonse, mpaka kupuma ndi kuseka. Wolemba mbiri kapena mtolankhani nthawi zambiri amafuna mawu onse a wolankhula monga anawanenera, koma atachotsamo chibwibwi ndi "ee" wa wofunsa amene akungosonyeza kuti akumvetsera. Mulingo umene mwasankha muulembe pamwamba pa tsamba loyamba ndipo muutsate mpaka kumapeto.

Ngakhale pa mulingo wopepukawo, pali zinthu zimene sizichotsedwa. Munthu akayamba kunena chinthu n'kudzikonza, monga "tinalipo khumi, ayi, khumi ndi awiri", zonse ziwiri zilembedwe. "Ee" amene ndi yankho la funso alembedwe, ndipo asasandutsidwe "inde", chifukwa pakati pathu munthu amatha kuvomera "ee" mwaulemu pongosonyeza kuti wamva, osati kuti wagwirizana nazo. Samalaninso ndi "mm" wovomera ndi "m-m" wokana, amene papepala amasiyana ndi kamzere kokha. Pamene pangakhale chisokonezo, onjezerani ((akukana)) kapena ((akuvomera)).

Anthu awiri akamalankhula nthawi imodzi, ndilembe bwanji?

Njira imene ofufuza ambiri amatsata ndi imene Gail Jefferson anayamba kukonza ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo pa ntchito wamba zizindikiro zake zitatu ndi zokwanira. Mikutiramawu ya ngodya, yotere [ ], imazinga mawu amene anenedwa nthawi imodzi, pamzere wa munthu aliyense. Mikutiramawu wamba, yotere ( ), imazinga mawu amene wolemba akuwakayikira. Mikutiramawu iwiriiwiri, yotere (( )), ndi ya ndemanga za wolembayo, zimene sizinatuluke pakamwa pa wolankhula aliyense.

Si kulankhula nthawi imodzi konse kumene kumafuna khama lofanana. Wina akamangoti "eya, eya" mnzake akufotokoza, mungathe kungosiya ngati mulingo wanu ukulola. Wina akayamba kulankhula mnzake akumaliza liwu lotsiriza, lembani mizere iwiri motsatizana ndipo palibe chatayika. Kovuta ndi kumene anthu awiri akunena zinthu ziwiri zosiyana kwa masekondi angapo, aliyense osafuna kusiyira mnzake, ndipo kawirikawiri pamenepo ndi pamene pali mfundo yaikulu, popeza anthu salowererana pa nkhani imene ilibe kanthu.

Musayese kumva onse awiri nthawi imodzi. Dulani kachigawo ka masekondi asanu kapena khumi, kuyambira pang'ono kusokonekerako kusanayambe. Ulendo woyamba tsatirani munthu mmodzi yekha, makamaka amene anali kulankhula kale, chifukwa chiganizo chake mukuchidziwa kumene chachokera, ndipo mawu a winayo muwatenge ngati phokoso la mvula padenga. Lembani zimene mwamva. Ulendo wachiwiri tsatirani winayo, kuyambira pamene akumveka yekha kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Ulendo wachitatu ndi wopezera malo enieni amene wachiwiriyo walowera ndi pamene woyambayo watulukira, kuti mikutiramawu ikhale pamalo pake.

M'macheza athu, wofunsa akufunsa za gawo la malipiro limene linkasungidwa kuti anthu a kumigodi adzalandirire kwawo:

00:41:10
W: Ndiye ndalama zija munalandira mutafika kuno?
B: Titatsika ndege tinapita ku ofesi, koma ndalama za [mwezi womaliza (si)]tinalandire.
M: [Anangobwera ndi bulangete] lokha ndi wayilesi.

Mawu a mayiwo aphimba "si" wa bambowo, ndipo wolemba wothamanga angalembe kuti "tinalandira", n'kutembenuza umboni wonse. Chomupulumutsa ndi lembo lotsiriza la mneni. Pomvetsera bwino pamene mayiwo atsitsa mawu, bambowo akumveka kuti "tinalandire", ndipo mneni wotere sathera ndi e pokhapokha ngati kutsogolo kwake kuli "si". Mawu oti "koma" ndiponso zimene mayiwo akunena zikuloza komweko. Komabe "si" ameneyo sitinamumve ndi khutu, tamupeza poganiza, n'chifukwa chake walembedwa m'mikutiramawu ya chikayiko, kuti wowerenga adziwe chimene chamveka ndi chimene chaganiziridwa.

Nanga ngati sindikudziwa amene walankhula, kapena mmodzi waphimbidwa kotheratu?

Musapatse munthu mawu chifukwa chakuti akumuyenera. Ngati mukukayikira, lembani B? kapena M?, ndipo ngati simukudziwa n'komwe lembani ((wosadziwika)). Pa zokambirana za gulu la anthu asanu ndi atatu zimenezi zimachitika kwambiri, ndipo chothandiza ndi kubwerera koyambirira kumene aliyense anadzitchula, kumvera mawu akewo, n'kuwayerekeza ndi malo ovutawo.

Ngati fayilo inajambulidwa mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, itsegulani mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity ndi kusankha `Split Stereo to Mono`, kenako mverani mbali imodzi payokha. Munthu amene anakhala kumanzere kwa rekoda amamveka mokwera mbali imeneyo, ndipo nthawi zina kusiyana kochepako n'kokwanira. Mafoni ambiri amajambula mbali imodzi yokha, ndipo pamenepo njirayi sithandiza. Amene ntchito yawo yonse ndi yofufuza mmene anthu amalandizirana mawu angagwiritse ntchito ELAN, pulogalamu yaulere ya Max Planck Institute for Psycholinguistics ku Nijmegen, imene imapatsa wolankhula aliyense mzere wakewake womangidwa ku nthawi. Munthu akaphimbidwa kotheratu, lembani kuti ((M akulankhula, sizikumveka, masekondi 4)), chifukwa kungodziwa kuti mayiwo analowererapo pamenepo ndi nkhani kale.

Liwu likapanda kumveka, ndilimbane nalo mpaka pati?

Libwerezeni katatu kapena kanayi pa liwiro lake, kuyambira kumayambiriro kwa chiganizo, osati pa liwulo lokha. Likakanika, chepetsani liwiro kufika pa 80 kapena 85 peresenti. Mukatsitsa kwambiri kuposa apo mawu amatafunika ndipo amavuta kuposa poyamba. Likakanikabe, ikani chizindikiro ndi nthawi yake, monga ((sizikumveka, 00:52:08, mawu awiri)), n'kupitirira. Kubwereza kakhumi motsatizana n'koopsa, chifukwa ubongo ukangoganiza liwu limodzi umayamba kulimva bwinobwino ngakhale palibe, ndipo ukatero subwereranso. Mipata yonse mudzaibwerere mawa lake mutamaliza macheza onse, ndipo mudzaona kuti ina yatseguka yokha.

Mawu ambiri amene timati sakumveka amakhala akumveka bwino, kungoti wolembayo sakuwadziwa, ndiye khutu limawakokera ku liwu lodziwika limene layandikana nawo. Pa 00:23:40 bambo athu akuti, "Chaka choyamba ndinkagwira ya malayisha." Wolemba amene sanamvepo liwu limeneli amva "malasha", ndipo cholembedwacho chinena kuti munthuyu anali mu mgodi wa malasha. Koma bambowa anena kale kuti mgodi wawo unali wa golide, ndipo mukachepetsa liwiro mukumva maphatikizo anayi, ma-la-yi-sha, osati atatu. Malayisha ndi liwu la Chifanakalo, chilankhulo cha m'migodi, lonena anthu opakira miyala ndi fosholo. Kuwerenga maphatikizo motere ndi njira yodalirika kwambiri m'Chichewa, popeza pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu ndipo kugunda kwake kumamvekabe ngakhale malembo ena atamira m'phokoso.

Mayina a malo amavuta mofananamo. Bambowa akati "Velekomu" akunena tauni ya Welkom ku Free State, ndipo akati anagona "kwa Mzilikazi" sakunena mfumu ya Amandebele ija, koma malo a Wenela ku Johannesburg kumene olembedwa ntchito ankafikira. Choncho musanalembe kuti sizikumveka, funsani amene anachititsa machezawo, yang'anani pa mapu, kapena mveretsani kachigawoko munthu wodziwa ntchitoyo, ngati chilolezo cha machezawo chikulola kuti wina amve. Pomumveretsa musamuuze chimene inu mukuganiza. Musiyeni anene yekha chimene wamva.

Ndi zolakwika ziti zimene zimaononga kwambiri m'Chichewa?

Choyamba ndi kutayika kwa mawu okana, monga taonera. "Sanapite", "asanapite" ndi "anapita" amasiyana ndi timaphokoso tochepa kwambiri, koma woyamba akukana, wachiwiri akunena za nthawi ndipo wachitatu akuvomera. Paliponse pamene mneni wayambira m'phokoso kapena m'mawu a munthu wina, mverani lembo lake lotsiriza.

Chachiwiri ndi manambala, makamaka amene timawatchula mobwereka. Fifitini ndi fifite, sikisitini ndi sikisite, amasiyana kumapeto kokha, kumene munthu wachikulire amakhala akutsitsa mawu. Vuto lake ndi lakuti mukalemba 15 kapena 50, nambalayo imaoneka yotsimikizika ndipo palibe amene adzaikayikire. Nambala iliyonse, chaka chilichonse ndi ndalama iliyonse muzibwereza kawiri ngakhale mukuona ngati mwamva. Bambo athu akunena chaka chimene anabwerera kwawo, ndipo sizikudziwika ngati ati "seventefolo" kapena "seventefaifi". Patsogolo pake akuti chinali chaka chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ngozi imene inachitika mu Epulo 1974 ndi kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kumudzi, ndipo boma la Malawi linaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Pamenepa tingalembe (1974) m'mikutiramawu ya chikayiko. Koma zikanakhala kuti anena momveka bwino kuti "seventefaifi", tikanalemba 1975 monga anenera ndi kuika ndemanga pambali, chifukwa ntchito ya wolemba si kukonza zimene wolankhula akukumbukira.

Chachitatu ndi kampweya kamene kamasiyanitsa kola ndi khola, kapena pala ndi phala, kamene foni yoikidwa patali siikagwira bwino. Apa chiganizo chonse chimathandiza. Palinso mawu amene amalembedwa mofanana koma amasiyana kakwezedwe ka liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Inu amene mukumva ndi amene mukudziwa, choncho ngati chiganizo sichikulongosola chokha, thandizani wowerenga ndi ndemanga yaifupi.

Kodi kuchotsa phokoso pa kompyuta kumathandiza?

Kumathandiza pa phokoso losasintha, monga la jenereta, fani kapena chigayo chakutali. Mu Audacity mumasankha masekondi awiri kapena atatu amene muli phokoso lokhalokha, n'kutsegula `Noise Reduction`, kudina `Get Noise Profile`, kenako kusankha chigawo chonse ndi kuchepetsa phokosolo pang'ono, kuyambira pa 6 dB osapitirira kwambiri 12 dB. Mukapyola muyeso mawu amamveka ngati akuchokera m'madzi, ndipo zoyamba kufufutika ndi s, f ndi kampweya kaja, zomwe ndi zimene mumafuna kumva. Tambala, mwana wolira kapena njinga yamoto yodutsa sizichoka ndi njira imeneyi. Ngati wolankhula anangokhala patali, `Amplify` pa chigawo chake chokha imathandiza kuposa kuchotsa phokoso. Liwu lililonse limene mwalimva mu fayilo yokonzedwa mulitsimikize mu fayilo yoyamba ija.

Munthu akamalankhula Chichewa cha kwawo kapena kusakaniza zilankhulo, ndikonze?

Musakonze mawu ake, koma kalembedwe kanu kakhale kamodzi. Akati "wana" m'malo mwa "ana", kapena "siku" m'malo mwa "tsiku", ndipo mwini ntchito akufuna kalankhulidwe kenikeni, lembani mmene wanenera. Ngati akufuna nkhani yokha, mungatsate kalembedwe kovomerezeka, bola munene zimenezo pa tsamba loyamba. Liwu lenilenilo lisasinthidwe: wonena "kukamba" asalembedwe "kunena", ndipo "iwo" waulemu wonena munthu mmodzi asasandutsidwe "iye". Ngati sizikudziwika kuti "iwo" ndi ndani, ndemanga ngati ((akunena kapitawo)) imathandiza, pokhapokha mukutsimikiza. Pa l ndi r tsatirani lamulo la kalembedwe, loti r amabwera pambuyo pa i ndi e, chifukwa pakamwa anthu amazisinthanitsa ndipo kutsata khutu kungachititse liwu limodzi kulembedwa mitundu iwiri, zomwe zimavutitsa wofufuza liwulo pa kompyuta.

Akalowa m'Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chifanakalo, lembani m'chilankhulo chomwecho ngati mukuchidziwa, tanthauzo lake n'kuliika m'ndemanga. Ngati simukuchidziwa, lembani ((akulankhula Chiyao, 01:05:12 mpaka 01:05:30)) ndipo mupeze wochidziwa. Kulemba ndi kumasulira ndi ntchito ziwiri, ndipo amene amazichita nthawi imodzi amataya mawu enieni amene womasulira wina akanafuna kuwaona.

Ndikamaliza kulemba, ndidziwa bwanji kuti ndalemba zolondola?

Kuwerenga zolembedwazo pazokha sikokwanira, chifukwa cholakwika cha khutu chimawerengeka bwino ngati chiganizo china chilichonse. Muyenera kumvera macheza onse kuyambira poyamba pa liwiro lake, maso ali pa zolembedwa, makamaka tsiku lina osati lomwe mwamalizalo. Pa mphindi 94 konzekerani maola awiri kapena atatu. Zimene zimapezeka pa ulendo umenewu ndi mizere yodumphidwa pamene munaimitsa n'kuyambiranso patsogolo pang'ono, mawu a munthu mmodzi opatsidwa kwa wina, ndi ziganizo zimene mwazisalaza osadziwa. Chiganizo chikaoneka chosalala kwambiri pakati pa malankhulidwe odukaduka, chibwerezeni, pakuti mwina ndi chanu osati cha wolankhulayo.

Nthawi ilembedwe pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse ndiponso pa malo onse okayikitsa, kuti wina athe kupeza pamalopo msanga. Ngati pali mnzanu wothandiza, musankhireni zigawo zitatu za mphindi zisanu, chimodzi mwa izo chikhale chovuta, azilembe payekha osaona zanu, kenako muyerekeze. Kusiyana pa "ee" ndi mpatuliro kulibe vuto, koma mukasiyana pa dzina, pa nambala kapena pa mawu okana, fayilo yonse iyenera kumvedwanso. Popereka ntchito, phatikizanipo tsamba lofotokoza zizindikiro zanu ndi mndandanda wa malo onse amene atsala osamveka, aliyense ndi nthawi yake. Ngati wolankhulayo angapezeke, amene anachititsa machezawo atenge mndandandawo n'kukamufunsa, ndipo zimene akayankhe zilembedwe ngati ndemanga yokhala ndi tsiku lake, osati kulowetsedwa m'chiganizo ngati kuti zinamveka m'mawu ojambulidwawo.